Akungocheza, kapena pali mawu?

Nkhani ya bambo wowerengera ndalama uja, amene sadutsa pa desiki ya mayi wina osaima, tonse taitafuna kale, pa tiyi wa 10 koloko ngakhalenso m'minibasi pobwerera kunyumba. Ena akuti apa palibe chobisika, munthu sangaime malo amodzi kanayi pa tsiku mtima usanakodwe. Ena akulumbira kuti bamboyo ndi wochezeka chibadwire, amacheza ngakhale ndi alonda a pageti mpaka tiyi wake kuzizira.

Onsewa akuwerenga maulendo, komatu desiki ya mayiyo ili pafupi ndi pulinta, ndipo munthu wodikira mapepala ake sangangoima duu ngati chitsa. Za mandasi amene anabweretsa Lachitatu zija, amene akukuza nkhani akuiwala dala kuti anali khumi m'pepala, ndipo tonse tinadya nawo. Likanakhala limodzi, loperekedwa mobisa, bwenzi tikukamba zina. Palinso ena akuti anafika pa maliro a malume a mayiyo. Kodi pa maliro sitifika tonse?

Ngakhale dzina likukanganitsa anthu. Akuti amawaitana "achemwali", ndiye basi, wadzitsekera yekha khomo. Anzawo akuseka, akuti maukwati angati anayamba ndi "achemwali" omwewo?

Amene akuyankhula zomveka ndi aja akuti tisayang'ane mayiyo yekha, tiyang'anenso mmene bamboyo amachitira ndi ife tonse. Wochezeka, munthu wachitatu akafika pa desiki amamukokera m'nkhani, mawu sasintha, nthabwala ikupitirira. Wofuna amatsitsa mawu, amayamba kusanja mapepala osafunika kusanja, kenako n'kuchoka. Wochezeka amafunsa kuti kunyumba adzuka bwanji, n'kuiwala yankho asanafike pampando wake. Wofuna amakumbukira pakatha masabata atatu kuti mayiyo sathira shuga m'tiyi, ndipo mafunso ake amatuluka pageti: Loweruka muli kuti, mumakwerera basi pati, kunyumba mumakhala ndi ndani. Uthenga wa pa WhatsApp wa 9 koloko usiku, wopanda fayilo kapena nkhani ya ntchito, umenewo ndiye sitingaunamizire pulinta.

Pali gulu linanso losakhulupirira chikondi: likuti tione tsiku. Ngati maulendo achuluka kuyambira pa 20, nkhani ndi ngongole, ndipo pofika pa malipiro machezawo azizira okha.

Chimene ambirife sitinafunse n'chakuti mwini desiki akumva bwanji. Ngati sakondwa nazo, atanena kuti ali ndi ntchito, wochezeka amapepesa n'kuchepetsa maulendo. Woumirira, makamaka akakhala bwana, wachoka pa macheza, ndipo lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa khalidwe lotere pa ntchito.

Lolemba lapitali pulinta ija anaisamutsira kukhonde. Bamboyo waima pa desiki kawiri kokha sabata yonse, ndipo ena akuti mwaona, anali mapepala, pamene ena akufunsa kuti nanga kawiriko amadzatenga chiyani.