Safunsa Wapita ku Lizulu

Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo ankanena za munthu amene anapatsidwa chisa cha njuchi n'kumeza chonse chifukwa chochita manyazi kufunsa kuti uchi uli pati. Mwana wa lero akamva mwambiwu amaona munthu atagwada pa msewu wa M1 akutafuna tala, ndiye kuti phula walidya kale mwambi usanathe. N'chifukwa chake ndikuti amene akufuna kuphunzitsa achinyamata zining'a asiye kuwalembera mndandanda pa bolodi. Awalembere nkhani yaifupi ya pamsika, pakuti pamsika kusamva chining'a kumalipiridwa ndi ndalama.

Nkhani yake ikhale yotere. Mnyamata wa Fomu 2, wokulira ku Joni, wabwera kutchuthi kwa agogo ake ku Ntcheu, ndipo amutuma ku Lizulu ndi K5,000 ya pepala limodzi kuti akagule matimati ndi kabichi. Chichewa amayankhula ndithu, koma ndi cha m'nyumba, cha "idya" ndi "kagone". Pamsika pali piringupiringu: mabasi aima, ogulitsa akukweza mabeseni a mbatatesi kumawindo, akabaza akuimba mabelu. Mayi wina wa matimati waona kamnyamata kamaso akuthwa kakulondola mlendoyo, maso ali pa thumba lakumbuyo. Sangakuwe kuti "wakuba" munthu asanabe, choncho akuti, "Tabwera kuno mwanangu, ndikutsine khutu." Mnyamata uja kutsinidwa khutu amakudziwa bwino, anakuphunzira kwa mayi ake. Akuphimba makutu ndi manja onse awiri n'kulowa m'chigulu cha anthu. Manja ali kumutu, thumba latsala lokha.

Ubwino wa nkhaniyi ndi woti tanthauzo lenileni la mawu ndi limene labetsa ndalama. Akanamva kuti mayiyo akufuna kumuchenjeza mwamseri, dzanja likanapita kuthumba. Wamva za ululu, dzanja lapita kukhutu. Wowerenga wa zaka 14 safunikanso mphunzitsi womuuza kuti kutsina khutu ndi chining'a, waziona yekha, ndipo waseka. Wolemba wosapsa amathamangira nthabwala yosavuta, ya mwana amene wamva kuti matimati akwera mtengo n'kuyamba kuyang'ana m'nthambi za mango. Imeneyo ndi ya kalasi yoyamba. Palibe wachinyamata angadzione mwa chitsiru chotero, ndipo nkhani imene owerenga ake onse akudziona ochenjera siphunzitsa aliyense. Mnyamata wathu si wopusa. Waganiza bwinobwino, kungoti wayambira polakwika.

Ena anganene kuti mwambiwu pamsika sugwira ntchito, ndipo ali ndi mfundo. Wofunsafunsa amadziulula kuti ndi mlendo, ndipo mulu wa matimati umadula pomwepo iye akuona. Kufunsa kuti "basela n'chiyani?" ndi njira yachidule yoti usalandire basela. Komatu tiwerengere bwino. Akanafunsa kuti, "Mayi, mwati mundichite chiyani?" akanasekedwa ndi mzere wonse wa amayi a matimati, mwinanso kumukwezera mtengo pang'ono. Posafunsa wataya K5,000 yonse, ndipo kusekedwako sikunamuphonye, kwangochedwa. Manyazi a kufunsa amakhala otsika mtengo nthawi zonse, kungoti amalipiridwa poyera, pomwe a kusafunsa munthu amaganiza kuti alipira kumbali. Pa msinkhu umenewu kuchita manyazi pagulu kumaopsa kuposa njala, ndipo wolemba wodziwa achinyamata aziika mtima wa nkhani pamenepo.

Enanso ati masiku ano foni imayankha zonse. Foni ikamasulira mawu amodziamodzi ingomutsimikizira mnyamatayo kuti khutu lake lili pangozi. Ndipo kutulutsa foni yodula pakati pa msika wakuba ali kumbuyo ndi kumuwonjezera ndiwo. Chimene chikanamuthandiza chinali pamaso pake: mayiyo anayankhula motsitsa mawu, nkhope yosakwiya, maso akuloza kumbuyo kwake. Wofuna kukutsinadi sakuitana kuti "mwanangu" monong'ona. Zizindikiro zimenezi wolemba aziike m'nkhani mosabisa, kuti wowerenga aziona mnyamatayo asanazione.

Mathero ake asakhale a chisoni, pakuti tikufuna ana aziwerenga. Mnyamata wapisa m'thumba, mulibe kanthu, wabwerera pa benchi paja ndipo wapeza mayi aja palibe. Woyandikana nawo akuti, "Apita kukataya madzi." Iye akuyang'ana chidebe cha madzi otsukira matimati, chili chodzaza pomwepo. Akutsegula pakamwa, akutseka, kenako akufunsa motsitsa kuti, "Pepani mayi, madzi ake ati?" Mzere wonse ukugwa ndi phwete, ndipo mayi aja pobwera akumuthirira matimati m'jumbo kuti agogo asagone ndi njala, ngongole adzabweze Loweruka.