Abwana Akadaganiza

Ndinakumana ndi abwana pamsika wa Tsangano Loweruka, akukwezetsa matumba a kachewere m'lole. Nditawafunsa za denga la sitolo yawo, anandigwira dzanja mwachikondi, nandifunsa za ana, za mayi a kunyumba, ngakhale za mbuzi yanga imene inafa chaka chatha. Pomaliza anati, "Amisiri, musadandaule, ndikuuzani."

Ndikuuzani! Mawu amenewa aimitsa zipupa zambiri kuchokera ku Ntengo wa Mbalame mpaka ku Furancungo kuposa kusowa kwa ndalama. Yendani muone nyumba zopanda madenga, mpapaya utamera pabalaza mpaka kubereka. Eni ake sanasauke ayi. Akadaganiza.

Funso langa silinali lofuna msonkhano wa mafumu. Sitoloyo ndi ya mamita 6 m'lifupi, 9 m'litali, ndipo chipupa chafika palinta. Denga likakhala la mbali ziwiri, timanga magebulo n'kugula malata a mamita 3.6. Likakhala la mbali imodzi, tikweza chipupa chakutsogolo, malata tilumikize awiriawiri. Mitengo yake ndi yosiyananso. Ukagula usanamve yankho, wadziputira ngongole.

Koma abwana sangayankhe asanamve maganizo a alamu awo. Alamuwo ananyamulapo njerwa ku Joni, ndiye anabwerako ndi chisoti chachikasu chimene amavala ngakhale pamaliro. Akafika pamalo amagogoda chipupa ndi kiyi wa njinga yamoto, n'kutchera khutu, n'kupukusa mutu. Mukawafunsa chimene amva, amati ku Joni samanga chonchi. Mukati nanga amamanga bwanji, foni yawo imalira yokha.

Pa Watsapu ndiye musanene. Uthenga wanga abwana anauwerenga, timizere tinabiriwira. Usiku womwewo ananditumizira vesi, m'mawa kanema wa nyani akuyendetsa njinga. Za denga, zii. Kumalire kuno chodzikhululukira sichisowa: foni akuti inagwira netiweki ya ku Malawi.

Pamene iwo akuganiza, simenti saganiza. Thumba la makilogalamu 50 likakhalitsa m'chinyezi cha kumapiri kuno limachita mibulu, ndipo mbulu umene sukuphwanyika ndi zala ndi mwala basi. Anyamata anga akakhala masiku osagwira ntchito amathawira ku ganyu yokumba kachewere, kumene amalandira dzuwa lisanalowe. Mvula ya Novembala nayo siitumizira munthu uthenga.

Tsono mmisiri wanzeru sakhala pansi n'kumalira. Ntchito amaigawa pawiri: yodikira pakamwa pa abwana, ndi yosadikira. Linta ndathira kale, ndipo konkire wake amafuna kuthiriridwa madzi sabata yathunthu, kaya denga likhale lotani. Pansi ndathira zibuma n'kutsendera. Mchenga ndatuta mtsinje usanadzaze. Dzenje la chimbudzi lakumbidwa, poti pa chimenecho ngakhale alamu alibe nzeru ya ku Joni.

Kafunsidwe nakonso n'kofunika. Mukati "mukufuna denga lotani?" mwam'patsa munthu munda woti alime chaka chonse. Muuzeni ziwiri zokha, chilichonse ndi mtengo wake, ndipo muikepo tsiku: "Abwana, likafika Lachisanu muli chete, ndimanga magebulo. Mukadzasintha maganizo, kugumula ndi kumanganso mudzalipira ndinu." Zimenezi muzinene ntchito isanayambe, zilembedwe m'kope limodzi ndi malipiro a gawo lililonse: maziko, linta, denga. Akavomera pafoni, apempheni atumize mawu ojambula, chifukwa "inde" wapakamwa amatha kusanduka "ndinanena liti?" mwezi usanathe.

Chinanso, fufuzani mwini weniweni wa yankho. Lachinayi ndinadutsira kunyumba kwawo ngati wopempha madzi akumwa. Mayi a kunyumba, ali kalikiliki kusankha nyemba, osadzutsa n'komwe mutu, anati, "Mbali ziwiri. Mbali imodzi ndi khola la nkhumba." Madzulo abwana anaimba foni ndi mawu aulemerero, kundidziwitsa kuti ataganiza mozama, asankha mbali ziwiri.

Chimene chimandiwawa n'chakuti sitolo ikachedwa, pamsika sanena kuti abwana anachedwa kuyankha. Amati mmisiri anadya ndalama. Anzanga a ku Macanga amalira chimodzimodzi: mlimi amasowa miyezi yonse, koma akangogulitsa fodya amafuna makiyi mawa lake. Kunena zoona, ena amazengereza chifukwa m'thumba mwauma ndipo akuchita manyazi kunena. Amenewo ndimawamvetsa, angonena kuti tiime, tiphimbe zipupa ndi pulasitiki.

Koma inu amene ndalama muli nazo, yankho muli nalo, ndipo foni ili m'manja, yankhani. Ngakhale "ayi" timamulandira ndi manja awiri.