Ntchito Yatha, Bwana!

Mlamu wanga wina atangofika kuno ku Joni anapeza ganyu yothandiza mapulambala pa kakampani kena ka ku Alrode, komwe ine ndimagwirako ya ukalaliki. Tsiku lachitatu anaimbira foni akunyumba kwawo ku Mangochi ali wefuwefu, n'kungoti, "Mayi a ana, ntchito yatha." Netiweki n'kuduka. Pomwe ankaimbanso madzulo anapeza apongozi afika kale kudzapepesa, ndipo mbuzi imodzi yaikidwa pa msika kuti apeze ya thiransipoti yobwerera. Chonsecho bamboyo amatanthauza kuti aweruka.

Mawu akuti kutha ndi achinyengo chotere. Shuga akatha ndiye kuti palibe. Nsapato ikatha ndiye kuti yang'ambika. Tsono munthu akakuuzani kuti ntchito yatha, muyenera kumufunsa kuti yatha ngati shuga, ngati nsapato, kapena ngati nsima imene yapakulidwa.

Ifeyo timakonza mipope ndi kuika magiza m'nyumba za ku Thokoza, Katlehong ndi Vosloorus. Ntchito iliyonse ili ndi khadi lake pa Trello, ndipo makhadiwo amayenda m'mizere itatu: `To Do`, `Doing` ndi `Done`. Mnyamata akamaliza amakoka khadi ndi chala pa foni mpaka ku `Done`, ine n'kutumiza invoisi. Bwana wathu ankaukonda mzere wa `Done` kuposa ana awo. Ankauyang'ana m'mawa uliwonse ngati mlimi woyendera nkhokwe, osadziwa kuti anankafumbwe anayamba kale.

Tsiku lina mu Juni, kuzizira kwa kuno kuja kolowa m'mafupa, anyamata anakaika giza ya malita 150 kwa gogo wina chakufupi ndi msewu wa Khumalo. Khadi linafika ku `Done` dzuwa lili paliwombo. M'mawa mwake gogo uja anatulukira pa ofesi atafunda bulangete, n'kundiuza modekha kuti wabwera kudzathokoza, chifukwa firiji imene tamuikira kudenga ikugwira bwino ntchito.

Nditawafunsa achimwene amene anaika gizayo, anayankha mosaphethira. "Ine ndinamanga mapaipi onse, sikudontha. Zamagetsi si zanga." Wamagetsi naye anati, "Ine ndinalumikiza mawaya, ndinayatsa, kanyali kanayaka." Onse ankanena zoona. Koma wamagetsi anayatsa giza isanadzaze madzi, ndipo elementi ikayaka pouma imapsa msangamsanga. Aliyense anamaliza mbali yake, gogo n'kusamba madzi a chisanu.

Amene anatipatsa nzeru ndi mphwanga wolemba mapulogalamu a kompyuta ku Germiston. Ndinkamudandaulira tikudya nsima ya ufa wogula m'sitolo, iye n'kumangoseka. Akuti kwawo matendawa ndi akale: wolemba pulogalamu amati yatha chifukwa ikuyenda pa laputopu yake, pomwe kwa kasitomala siinafike n'komwe. Mankhwala ake ali m'kabuku kotchedwa Scrum Guide, ka Ken Schwaber ndi Jeff Sutherland. Gulu lonse limagwirizana mndandanda umodzi wa zimene ntchito iliyonse iyenera kukwaniritsa isanatchedwe yatha, ndipo pamwamba pake amalemba `Definition of Done`. M'kope la 2020 analembamo lamulo louma: ntchito imene sinakwane mndandandawo siperekedwa kwa mwini wake, sionetsedwa ngakhale pa msonkhano woonetsa zomwe zachitika, imangobwerera ku mulu wa ntchito zodikira.

"Nanga ikakhala kuti yangotsala pang'ono?" ndinafunsa.

"Achimwene, basi ya ku Blantyre ikafera ku Tete, mumauza abale kuti mwafika?"

Lolemba lake tinakhala pansi tonse, bwana, mapulambala ndi wamagetsi, kuti tilembe wathu. Bwana anayamba ndi mzere woyamba: ntchito igwiridwe mwaluso. Aliyense anavomera mwachangu, ndipo ndi pomwe ndinadziwa kuti mzerewo ngwachabe. Ndani anabwerapo ku ntchito n'kunena kuti lero ndagwira mopanda luso? Mzere wabwino uyenera kukhala funso loyankhidwa ndi inde kapena ayi, ndipo munthu wina amene kunalibeko athe kutsimikiza yankholo. "Giza ili bwino" ndi maganizo a munthu. "Madzi otentha atuluka pa mpope wa kubafa mwini nyumba atagwira ndi dzanja lake" ndi chinthu chochitika, ndipo gogo akhoza kuchitsutsa.

Apa panabuka mkangano weniweni, wa masamu. Achimwene a mapaipi anati sangakhale pakhomo pa munthu kudikira madzi ngati mkamwini wodikira nsima. Ndipo sankanama kwenikweni. Elementi ya makilowati 3 imatenga maola oposa awiri ndi theka kuti itenthetse malita 150 kuchokera pa madigiri 15 kufika pa 60. Kudikira zonsezo ndiye kuti ntchito ina yagona. Tinagwirizana pakati: asanachoke adikire mpaka madzi ayambe kufunda, zimene zimaonetsa kuti elementi ili moyo, kenako mawa lake m'mawa ineyo ndiimbe foni kufunsa ngati anthu asamba otentha. Khadi ligona ku `Doing` usiku umenewo. Bwana anausa moyo poona kuti nkhokwe yawo izidzaza mochedwa ndi tsiku lathunthu.

Zimene zinatsala pa khadi la giza ndi izi zisanu ndi chimodzi:

Giza yadzaza, mpope wa madzi otentha wasiya kutsokomola mpweya, kenako magetsi ayatsidwa.
Polumikiza paliponse papukutidwa ndi pepala ndipo pepala latuluka louma.
Madzi othiridwa m'thireyi ya pansi pa giza atulukira panja kudzera m'paipi yake, osati pa siling'i.
Zithunzi zitatu zili pa khadi: mavalavu, swichi ya pambali pa giza, ndi paipi yotayira panja.
Giza yakale ndi zinyalala zachotsedwa, satifiketi ya ntchito yaperekedwa kwa mwini nyumba.
Mwini nyumba wavomera pa foni mawa lake kuti madzi atentha.

Mzere uliwonse uli ndi chipsera chake. Wa thireyi uja unabadwa tsiku limene bambo wina ankaonera Kaizer Chiefs, siling'i n'kuwagwetsera mvula pabalaza pomwe kunja kuli ngwee. Thireyi inalipo ndithu, yokongola, koma paipi yake inathera m'denga momwemo. Mzere wopanda chipsera tinkaukana. Tinkafunsa kuti zimenezi zinatibwezapo liti ku nyumba ya munthu? Ngati palibe wokumbuka, sulowa.

Sabata yoyamba zinayenda ngati sopo. Yachiwiri ndinaona chodabwitsa: mabokosi asanu oyambirira a mlamu wanga uja ankachongedwa onse m'mphindi imodzi, ndipo Trello imasunga nthawi ya chilichonse. Tsiku lina anachonga kuti zinyalala zachotsedwa nthawi ya 8 koloko m'mawa, ine ndikumuona pa windo akumangirira giza yatsopano pa pikapu.

"Alamu, mwamaliza bwanji musananyamuke?"

"Ndimachongeratu, alamu. Kumeneko manja amakhala onyowa, foni simva chala."

Kuyambira pamenepo wokoka khadi kupita ku `Done` si amene wagwira ntchito. Amakoka ndine, nditaona zithunzi ndi kuimba foni. Trello payokha siletsa munthu kukoka khadi limene mabokosi ake ali pa 2/6, ndiye mlonda ayenera kukhala munthu. Zithunzi nazo tinachenjera nazo, titaona kuti valavu imodzi yokhala ndi kadontho ka penti yobiriwira yaikidwa m'nyumba zinayi zosiyana. Masiku ano chithunzi choyamba chimaonetsa nambala ya geti.

Bwana atalawa kukoma kwa mndandanda anafuna kuthiramo chilichonse. Kasitomala akadandaula kuti anyamata sanamupatse moni, mzere. Galu akauwa, mzere. Pofika Ogasiti mizere inali 23, ndipo anyamata anasiya kuiwerenga, ankangotsetsereka ndi chala ngati akusenda chimanga. Ndinawauza bwana kuti mndandanda umene bungwe la zaumoyo pa dziko lonse linatulutsa mu 2008, wa madokotala ochita opaleshoni, uli ndi mfundo 19 zokha, chonsecho amenewo amatsegula mimba ya munthu. Ife tikutsegula siling'i. Tinabwerera pa zisanu ndi chimodzi, koma bwana anapempha kuti wa moni uja tiusunge penapake, ndiye tinaumata pa chitseko cha pikapu.

Panalinso chisokonezo china chimene chinatitengera nthawi kuti tichimasule. Mayi wina wa zipinda za lendi kuseli kwa nyumba, amene kuno amawatcha mastende, anafuna kuti swichi ya giza ikhale m'bokosi lokhoma ndi loko, chifukwa alendi ake amasamba ngati mvuu. Anyamata anachonga mabokosi onse asanu ndi limodzi mokhulupirika, bokosi la loko osaika, popeza pa mndandanda panalibe. Mayi anakana kulipira. Mphwanga wa ku Germiston anati tasakaniza zinthu ziwiri. Mndandanda wathu ndi wa giza iliyonse, susintha kaya ndi kwa ndani. Zofuna za mwini ntchito ameneyu zimalembedwa pa khadi lake lokha, tsiku lomwe wabwera kudzapempha, m'mawu ake. Khadi limatsekedwa zonse ziwiri zikakwana. Telala amadziwa zimenezi: kupinda m'mphepete ndi kusita amachita pa diresi iliyonse, koma kuti ikhale ndi matumba awiri wanena ndi mwini nsalu.

Mmene timadziwira ngati zikugwira ndi kosavuta. Sitiwerenganso makhadi olowa ku `Done`, timawerenga otulukamo, ndiye kuti ntchito zimene tabwererako ulere pasanathe mwezi. Limodzi likabwerera timafunsa kuti ndi mzere uti unanamizidwa, kapena ndi uti ukusowa.

Achimwene a mapaipi aja sanagonje msanga. Tsiku lina ndinapeza atawonjezera okha mzere wachinayi pa bolodi, pakati pa `Doing` ndi `Done`, atautcha `Almost`. M'masiku atatu munali makhadi asanu ndi awiri, ena akumera ndevu. Ndinaufufuta. Iwo anakwiya, nati ndilibe chisoni ndi munthu wogwira ntchito ndi manja.

Lachisanu lotsatira bwana anawaitana mu ofesi. Anawaonetsa foni, malipiro awo atalembedwa bwinobwino pa apu ya banki, dzina lilipo, ndalama zake zolondola, kungotsala kudina batani lotumizira.

"Mwaona, achimwene? Malipiro anu atha."

Achimwene anayang'ana foni ya bwana, n'kutulutsa yawo m'thumba, n'kuiika pa tebulo. Anakoka mpando, nakhala, navula chipewa.

"Ndidikira kaye mpaka afunde, bwana."