Masautso wa mitu inayi

Ife ojambula a ku Katete tilipo anayi, ndipo mkulu wa gulu ndine, osati chifukwa cha luso koma chifukwa rula ndi yanga. Alipo aphunzitsi ena a ku Sinda, mtsikana wina wa ku Vubwi amene amatumiza zojambula zake pa WhatsApp netiweki ikamumvera chisoni, ndi mwana wa mlongo wanga amene malipiro ake ndi nsima. Tinagwirizana zojambula kabuku ka zithunzi ka masamba 24 koti tikagulitse pa Kulamba ku Mkaika mu Ogasiti. Mwini nkhani ndi Masautso, bambo wopalasa njinga yonyamula anthu mu msewu wa Great East. Aliyense anatenga masamba 6, n'kupita kwawo.

Masamba atabwera, tinapeza kuti Masautso achoka pa Katete ali wonenepa, afika pa Sinda ataonda, ndipo pobwerera amera ndevu. Pa masamba anga, ndikunena modzichepetsa, anali wokongola kwambiri, pakuti anafanana ndi ine. Mphwanga anayang'ana nthawi yaitali n'kufunsa kuti, “Malume, kodi anthu anayiwa ndi pachibale?”

Aphunzitsi ndi amene anatiuza kuti akatswiri sayamba ndi nkhani, amayamba ndi pepala lachitsanzo, limene aliyense pagulu amalitsatira. Anatikumbutsa za Supa Team 4, katuni ya Malenga Mulendema wa kuno ku Zambia imene inatuluka pa Netflix mu 2023. Maonekedwe a atsikana a m'katuniyo anawakonza ndi Malcolm Wope wa ku Cameroon, ntchito yambiri inagwiridwa ndi kampani ya Triggerfish ya ku Cape Town, koma mtsikana aliyense amatuluka ndi nkhope yake yomweyo. Ife anthu anayi a chigawo chimodzi tinalephera kugwirizana pa mphuno imodzi.

Choyamba chinandidabwitsa n'chakuti munthu wojambulidwa sayezedwa ndi masentimita, amayezedwa ndi mutu wake womwe. Munthu wamkulu weniweni amatalika pafupifupi mitu 7 ndi theka. Wa m'katuni amamufupikitsa kuti azisekesa, ndiye Masautso tinamupatsa mitu 4. Ubwino wake ndi wakuti kaya mwamujambula kuti adzaze tsamba lonse, kaya ali kutali ngati nyerere, muyeso ndi womwewo: jambulani mutu, musanje ina itatu pansi pake, mapazi athera pomwepo.

Tinagoneka pepala la A4 cham'mbali, mutu tinaupatsa masentimita 4, ndiye munthu yense 16. Apa rula yanga inaonetsa chimene ndinasankhidwira. Ndinalemba mizere yopingasa kuchokera kumanzere mpaka kumanja: wa pamwamba pa mutu, wa maso, wa chibwano pamene pathera mutu woyamba, wa lamba pa mitu iwiri ndi theka chifukwa mimba ya Masautso imafuna malo, wa mawondo, ndi wa pansi. Chipewa sitinachiwerenge, chifukwa tsiku limene chidzauluke ndi mphepo munthu wathu sayenera kufupika.

Pa mizere imeneyi pamaima a Masautso asanu: woyang'ana kwa inu, wotembenuka pang'ono, wa cham'mbali, woyamba kukufulatirani, ndi wokupatsani msana. Mumayamba ndi wakutsogolo, kenako wa cham'mbali, ndipo mzere ndi umene umakuuzani pamene diso ndi bondo ziyenera kugwera. Chibwano chikangodutsa mzere wake pa chithunzi chimodzi, dziwani kuti mwabala munthu wina. Wa cham'mbali ndi amene amaulula mbuli. Ine ndinkaika khutu pafupi ndi diso, nkhongo n'kuiphwatalitsa, moti aphunzitsi anafunsa kuti nzeru za Masautso zizikhala pati. Mutu ukauonera m'mbali ndi wautali kuchokera pamphumi kufika kunkhongo, ndipo khutu limakhala kumbuyo pang'ono kwa pakati. Kwa wotembenuka pang'ono, mzere wapakati pa nkhope umasunthira mbali imene akuyang'ana, ndipo diso lakutali limachepa m'lifupi koma silitsika.

Mkangano waukulu unali pa mwendo wa buluku. Masautso amapinda mwendo umodzi kuti tcheni chisaudye, ndipo tcheni cha njinga chimakhala kudzanja lamanja. Ndiye mwendo wopinda ndi wamanja. Koma akayang'ana kwa inu, mwendo umenewo umaoneka kumanzere kwa pepala, akakupatsani msana umabwerera kumanja. Ine ndinatsutsa mwamphamvu monga mkulu wa gulu, mpaka mphwanga anandiimika pabwalo, n'kundipinda buluku, n'kumanditembenuza ana a oyandikana nawo akuonerera. Kuchokera tsiku limenelo, chilichonse chokhala mbali imodzi timachilemba ndi mawu pa pepalalo ndi kamuvi kolozera: buluku lopinda kumanja kwake, dzino loguluka kumanzere kwake, chigamba pa thako lamanja. Tinalamulanso kuti wina asamatembenuze chithunzi pa foni pofuna kupulumutsa nthawi, pakuti dzino limasamuka.

Sikuti pepalali liyenera kutsata chilengedwe nthawi zonse. Makutu a Mickey Mouse amaoneka ozungulira onse awiri kaya wayang'ana kuti, chinthu chimene mbewa za ku Katete sizingathe. Bodza lotere n'lololedwa, bola lilembedwe kuti nonse muziname mofanana.

Pepala lachiwiri ndi la nkhope. Poyamba ndinalemba kuti kukondwa, kukwiya, chisoni. Wa ku Vubwi anayankha kuti kukwiya kulipo kwa mitundumitundu, ndiye tinasintha n'kulemba zochitika. Masautso atamva kasitomala akuti ndilipira mawa. Masautso ali pa chitunda, kumbuyo kuli mayi ndi thumba la chimanga. Masautso ataona kuti tayala laphwa, Sinda akali patali. Masautso akuwerenga ndalama madzulo. Zinakwana nkhope 8, ndipo iliyonse tinaijambula kawiri, yakutsogolo ndi yotembenuka pang'ono, chifukwa m'kabuku munthu sakhalira kuyang'ana kutsogolo. Lamulo lake tinalilemba pamwamba: nsidze, zikope, masaya ndi pakamwa ziziyenda, koma mphuno, makutu ndi mpata wapakati pa maso zisasunthe. Akayasamula chibwano chimatsika, chigaza sichikula. Mpata wa maso tinaupima kuti ndi diso limodzi, ndipo ukangosintha, ngakhale mwana amaona kuti uyu si Masautso, ngakhale sangathe kunena chimene chalakwika.

Titamaliza ndinafuna kuitanitsa Fanta, koma aphunzitsi anati pepala silinayesedwe. Aliyense anapatsidwa fotokope ndi chiganizo chimodzi, Masautso akukwera njinga, kuti ajambule payekha osafunsa mnzake. Munthu anatuluka mmodzi ndithu, koma njinga zinatuluka zinayi, ndipo yanga inali yoti kuikwera kufuna makwerero. Tinaiwala kuti munthu wathu amakhala pa chishalo tsiku lonse, pamene pa pepalalo wangoima chilili. Tinaonjezera chithunzi chake ataima pambali pa njinga, gudumu n'kulipima kuti ndi mutu umodzi ndi theka, kufika pa lamba, ndi china atakhala akupalasa. Fotokope inatiphunzitsanso kuti malaya ofiira ndi buluku lobiriwira zimatuluka zotuwa mofanana, moti Masautso anaoneka wovala ovololo. Malaya tinawasiya oyera.

Tsopano pepala lili ndi deti pakona, chifukwa wa ku Vubwi anajambula masamba awiri akutsatira lakale limene linatsalira mu foni yake. Ndipo polijambula ndi foni, foniyo iyang'ane pepala molunjika kuchokera pamwamba. Langa loyamba ndinalijambula nditakhala pa mpando wandalema, mutu wa Masautso unachepa, mapazi n'kukula, ndipo aphunzitsi analitsatira mokhulupirika kwa sabata yathunthu. Gulu lagamula kuti ndikhalebe mkulu, koma foni azigwira ndi mphwanga.