Malata olakwika, abweze ndani?

Pali nkhani imene sindiimvetsa, ndipo ndikuganiza kuti inunso palibe anakufotokozerani. Tiyerekeze kuti amayi ena a ku Lunzu akumanga nyumba. Apita ku sitolo ya zipangizo zomangira ku Limbe, alipira malata 40 a geji 28, a mafiti 12, ndipo risiti yalembedwa bwinobwino. Lachitatu lole yafika, anyamata atsitsa katundu, amayiwo asaina, lole yapita. Mawa lake kalipentala wakhoma malata anayi, kenako watsika pa denga n'kunena kuti, "Amayi, awatu ndi a geji 32." Ife anthu wamba timaona ngati 32 ndi wamkulu kuposa 28, ndiye kuti amayiwa apindula. Chonsecho pa malata nambala ikamakwera, lata limapyapyala, mtengo wake umatsika, ndipo silichedwa kubonyoka munthu akaliponda. Wolemba risiti amazidziwa zimenezi. Wosunga katundu amazidziwa. Nanga bwanji amene anauzidwa kuti asaine kuti zonse zili bwino ndi munthu yekhayo amene sadziwa za geji?

Amayiwo aimba foni. Yankho limene ambiri a ife tinalimvapo ndi loti, "Pepani kwambiri amayi, tiona chochita." Mawu abwino ndithu, ndipo sindikuwanyoza. Koma akupepesa chiyani kwenikweni? Akupepesa kuti amayiwo akhumudwa, kapena kuti sitolo inapakira katundu wolakwika? Tiona chochita liti? Aone ndani? Ine ndimayesa kuti munthu wopepesa amayamba watchula cholakwacho, kuti winayo adziwe kuti wamveka: "Amayi, munalipira malata 40 a geji 28, ife takutumizirani a geji 32. Talakwitsa ndife, pepani." Mawu amenewa satha ndi mphindi imodzi yomwe. Kodi pali lamulo limene limaletsa wogulitsa kunena kuti "talakwitsa ndife"?

Ena amati sitolo iyenera kutsimikiza kaye, chifukwa ogula ena amanama. Zoona, atsimikize. Koma kodi n'zovuta bwanji? Kawirikawiri opanga malata amadinda dzina lawo ndi geji pa lata lenilenilo. Amayiwo akhoza kujambula chidindocho ndi risiti yawo, n'kutumiza pa WhatsApp. Wa m'sitolo akhoza kuyerekeza ndi kope lake la risitiyo, n'kupita kosungira katundu kukawerenga. Ngati malata a geji 28 achuluka ndi 40 kuposa amene alembedwa m'buku, a geji 32 n'kuperewera ndi 40, nkhani yatha. Ngati m'buku zonse zikugwirizana, ndiye kuti katundu anasinthana pa lole pomwepo, ndipo pali munthu wina, mwina ku Chirimba, amene walandira malata a amayiwa. Ameneyonso ayenera kuimbiridwa lero lomwe, asanawakhome. Ntchito yonseyi ndi ya ola limodzi. Nanga sabata yathunthu imene amatiuza kuti tidikire imathera pati?

Tsono apa ndi pamene mutu wanga umaima. Atavomereza, ena amati, "Bwerani nawo malatawo tikusinthireni." Abwere nawo bwanji? Lata la mafiti 12 ndi lotalika kupitirira mamita atatu ndi theka. Sililowa m'minibasi, ndipo wakabaza sanganyamule malata 40. Ndiye kuti amayiwo achite hayala galimoto, alipire anyamata opakira, alipirenso galimoto yobwerera. Alipira kawiri chifukwa cha cholakwa cha wina. Komatu lamulo la m'Malawi la kugulitsa katundu limati katundu wogulitsidwa potchula mtundu wake ayenera kufanana ndi zimene zinatchulidwazo. Limatinso, ngati panalibe pangano lina, wogula amene wakana katundu pa chifukwa chovomerezeka sakakamizidwa kumubweza yekha, chachikulu n'kudziwitsa wogulitsa kuti wamukana. Lamulo loteteza ogula linakhazikitsidwa mu 2003, ndipo bungwe la CFTC limalandira madandaulo otere. Ngati zili choncho, mwambo woti wolakwiridwa ndiye asake galimoto unachokera kuti?

Njira imene ine ndikuiona ndi yapafupi moti ndimadabwa ngati pali chimene ndikuphonya. Lole imodzi, ulendo umodzi. Ipite ndi malata oyenera, ibwerere ndi olakwika. Wa m'sitolo anene tsiku ndi nthawi: "Lachisanu, pakati pa 8 koloko ndi 10 koloko m'mawa, tibweretsa anuwo n'kutenga athuwo. Simulipira kalikonse. Dalaivala akuimbirani akamanyamuka." Afunsenso ngati nthawiyo pakhomo padzakhale munthu, ndipo ngati kungatheke kalipentala adzakhalepo. Awapemphe kuti otsalawo asakhomedwe, aikidwe pa matabwa pamalo ouma, chifukwa malata osanjikizana akalowa madzi pakati amachita mawanga oyera ndipo sangagulitsidwenso ngati atsopano. Zonsezi azilembe mu uthenga wa pa foni, kuti mawa pasakhale "sindinatero ine". Koma masitolo ena amafuna kutenga kaye olakwikawo, oyenerawo abwere tsiku lina. Ulendo wa mafuta kawiri, ndipo pakatipo amayiwo alibe ndalama, alibenso malata. Amene akupindula ndi dongosolo limeneli ndani?

Ndiye pali malata anayi okhomedwa kale aja. Ali ndi mabowo a misomali, sangabwerere pa shelefu. Akatswiri amati wogula akagwiritsa ntchito katundu ngati wake, kapena akakhala naye nthawi yaitali osadandaula, ndiye kuti wamuvomera. Ndamva. Koma amayiwa anavomera chiyani, poti anaimba foni nthawi yomweyo imene anadziwa? Kalipentala akanayenera kuona chidindo asanakwere pa denga, zimenezo n'zoona. Komabe akanakhoma bwanji malata olakwika akanapanda kubweretsedwa? Kwa ine sitolo ibweretse 40 onse, itenge 36 abwinowo pamodzi ndi anayi obookawo, kutayikako ikuwerengere kwa iyo yokha. Mtengo wa malata anayi ungafanane ndi wa munthu amene akufunikabe simenti, zitseko ndi penti, komanso amene abale ake adzamufunsa kumene anagula?

Palinso yankho lina limene limaoneka ngati chifundo: "Ingosungani omwewo, tikubwezerani ndalama yapamwambayo." Nthawi zina n'zothandiza. Ngati ndi Novembala, mitambo yayamba kuda ndipo a geji 28 atha m'sitolo, amayiwo akhoza kusankha okha kufolera ndi amene alipo. Koma kusankhako kukhale kwawo, atauzidwa poyera kuti malatawa ndi opyapyala, kuti kusiyana kwa mtengo ndi ndalama zakuti, ndiponso kuti ndalamazo zilowa pa foni yawo tsiku lakuti. Akakana, asaumirizidwe. Ngati oyenerawo sapezeka msanga, ndalama yonse ibwerere kuti akagule kwina. Nanga bwanji kulandira ndalama kumatenga mphindi ziwiri, koma kubweza kumadikira abwana amene nthawi zonse amakhala atangochokapo?

Lachisanu lafika, lole yaima pakhomo. Apa ndikanayembekeza kuti dalaivala, asanatsitse kanthu, aitana amayiwo ndi kalipentala, aonetsa chidindo cha geji, ayeza lata limodzi ndi tepi, awerenga onse pamodzi mpaka 40. Kenako awerenga obwererawo, alemba chiwerengero chake pa pepala, onse asaina, kope limodzi litsala pakhomo. Madzulo wa m'sitolo aimba n'kufunsa, "Amayi, afika onse? Ndi oyenera?" Kuona, kuyeza ndi kuwerenga konseku n'kwa mphindi khumi zokha, ndipo tepi inali m'galimoto kuyambira kale. Chinaletsa n'chiyani kuti zichitike Lachitatu lija, amayiwo asanapatsidwe cholembera?