Mame Anatsala Pang'ono Kuumira Pampando

Akuti mlendo ndi mame. Mwambi umenewu ndinkaumva ngati langizo lakuti mlendo tizimupirira poti sakhalitsa. Koma chipitireni ku Nc'wala ndi mlamu wanga wa ku Mangalande, ndaona kuti akale anaiwala mbali imodzi: mame akhoza kukamuka eni mudzi akadali pa moni.

Tinanyamuka ku Chipata m'mamawa, Loweruka lomaliza la Febuluwale, kuti tikafike ku Mtenguleni Inkosi Mpezeni isanalawe zakumunda. Koma munthu sungapitirire khomo la ambuya ako, ndiye tinapatuka. Ine ndinali womasulira, ntchito imene ndinaivomera mwamatama.

Vuto linayambira pa odi. Mlamu analunjika kwa ambuya dzanja lili patsogolo, n'kuti “hayi”. Ndinamukoka malaya. Kwathu mlendo sayamba ndiye. Amapatsidwa pokhala, apume kaye, kenaka eni khomo amabwera mmodzimmodzi kudzamupatsa moni. Panali anthu 7, ndipo aliyense anafunsa yekha mmene tadzukira ndi mmene tawasiyira kunyumba, ngakhale kuti womalizayo yankho anali atalimva kale kasanu ndi kamodzi. Mlamu anandinong'oneza kuti kodi pali amene samva bwino?

Ndiye tinafika pa “inu”. Chingerezi chili ndi “yu” mmodzi yekha, ndipo amagwira ntchito kwa mfumu, kwa mwana, ngakhale kwa galu woba nsima. Chinali ndi “iwe” wakewake kalekale, amene mumamupeza m'Baibulo la King James la 1611, koma eni ake anamutaya n'kusunga waulemu uja, mpaka ulemuwo unasuluka ngati chitenje chochapachapa. Choncho mlamu atafunsa kuti “hawayu”, ine ndinati, “Akufunsa kuti ambuya adzuka bwanji.” Apa ndinawonjezera ndekha zinthu ziwiri zimene iye sananene: a- waulemu, ndiponso kulankhula nawo ngati tikunena za munthu amene palibe. Ambuya anagwedeza mutu n'kuti mwanayu analeredwa bwino. Kuyamikirako kunali kwanga, koma ndinangokhala chete.

Kubweza mawu a ambuya ndiye kunandituluka thukuta. Anati, “Tadzuka, kaya iwo?” Nditamasulira liwu ndi liwu, mlamu anasuzumira m'nyumba kufunafuna ena amene adzukawo, kenaka anacheuka kumbuyo kuti aone “iwo”. Nditayesa kukweza Chingerezi changa kuti chifanane ndi ulemu wathu, ndi ma “sa” ndi ma “madamu”, ndinamveka ngati kalata yopempha ntchito ku boma.

Nanga zikomo? Ambuya ananena zikomo polandira shuga ndi manja awiri. Mwana ananena zikomo podutsa pakati pathu atawerama. Amalume ankati zikomo, zikomo, pomvetsera malonje, kenaka zikomo wina wotsekera nkhani. Ine ndinkangoti “thenkyu” paliponse, mpaka mlamu anayamba kudziona ngati wabweretsa feteleza wa mudzi wonse. Wa shuga yekha ndiye anali wothokoza. Wa mwana uja anali “ekisikyuzi mi”, ndipo a amalume safuna kumasulira n'komwe, ndi kugwedeza mutu chabe. Za “mwanenepa” zimene ambuya anauza mlongo wanga, mkazi wa mlamuyo, mwachimwemwe, ndinangoti akuoneka bwino, chifukwa ukwati wa eni ndimaufunira zabwino.

Pa munthu wachisanu ndi pamene ndinazindikira. Mzungu naye ulemu ali nawo, koma sauika pamene timauika ife. Ife timauika pa munthu: inu, iwo, a-. Iye amauika pa kuzungulira kwa pempho. Sanena kuti “khalani”, amafunsa ngati mungakonde kukhala, ngati kuti mpandowo mukhoza kuukana. Ndiye ndinasiya kusaka liwu lofanana ndi liwu. “Tikhale pansi” ndinamusandutsa funso lofatsa, “mwawasiya bwanji” ndinangoti akufunsa za makolo ako, ndipo uwafunsenso za anthu awo. Zotsalazo ndinasiyira thupi. Ndinamuuza kuti avule chipewa, atsike pang'ono, awombe m'manja mofumbata, alandire ndi manja awiri. Kuwomba m'manja sikufuna womasulira. Atachita zimenezo ambuya anasiya kuyang'ana ine, anayamba kulankhula naye mwachindunji, iye osamva kanthu koma akuyankha bwinobwino.

Tinafika pabwalo dzuwa lili paliwombo, ingoma itatentha kale, ng'ombe yakuda ili pafupi kulasidwa. Anthu atafuula “Bayethe!” mlamu anandiyang'ana kuti ndimasulire. Ndinamuuza kuti afuule nawo basi.

Pobwerera anaumirira kuti tipatukenso tikatsanzike. Anthu aja anali atakwana 12, ndipo ku Chipata tinalowa usiku.