Malangizo kwa otumiza zithunzi za akawunti kuti tiwachongere

Kuchokera ku Golomoti mpaka ku Mtakataka, aliyense amene anagwirapo ntchito ya ukalaliki wasanduka sukulu yaulere. Mwana wokonzekera mayeso a ICAM, msungichuma wa gulu la alimi a mpunga ku Bwanje, mlembi wa kagolosale ka pa Mua, onse amangojambula pepala, kuponya pa WhatsApp, n'kulemba kuti, "Amalume, sizikubalansa, tandichongereniko." Popeza mwambowu wakhazikika, ndi bwino tiuikire malamulo kuti aliyense azizunza wochonga mwadongosolo.

Lamulo loyamba: jambulani usiku. Masana dzuwa la kuno kuchigwa ndi lambiri, lingaonetse zonse, ndiye wochongayo atukuta ndi chiyani? Dikirani magetsi azime, ikani pepala pabondo kuti lipindike, wina aunikire ndi tochi ya foni ya mabatani. Chala chanu chachikulu chikhale ndendende pa nambala yomaliza ya kumunsi. Ndipo chonde musaiwale kudula danga la kirediti. Debiti ioneke yonse, koma kumanja kungotsala ziro awiri ndi ngodya ya mkeka. Amalume anaphunzira, alosera okha. Chithunzi chotumizidwa mwachizolowezi WhatsApp imachifinya kuti chichepe, mwakuti 1 ndi 7, kapena 3 ndi 8 wolembedwa ndi pensulo, zimasanduka mapasa. Chikatumizidwa ngati Document chimafika momwe chinajambulidwira, koma zimenezo zimadya bandulo, ndipo bandulo yanu ndi yofunika kuposa maso a munthu wamkulu.

Lamulo lachiwiri: tumizani tirayo balansi yokha, leja bisani. Mafunso amene munapatsidwa musatumizenso. Wochonga akawafuna, muyankhe mawa lake ndi kachithunzi ka manja opemphera.

Lamulo lachitatu, ndipo apa ndi pamene pali luso: debiti ndi kirediti muziziona ngati nkhani ya mmene mukumvera mumtima. Zosangalatsa kumanja, zowawa kumanzere, kapena mosemphanitsa, malinga ndi mmene mwadzukira. Kodi uthenga wa kubanki sumati akawunti yanu yalandira kirediti ndalama zikalowa? Ndiye kashi ikalowa m'bizinesi, iponyeni ku kirediti. Zoti uthengawo umachokera m'mabuku a banki, momwe inu ndinu munthu amene bankiyo ili naye ngongole, zisakusokonezeni. M'mabuku anuanu, ndalama zolowa zimakhala kumanzere, ku debiti, limodzi ndi katundu wa bizinesi, zogula, zolipira ndi anthu amene anakukongolani. Kumanja, ku kirediti, kumakhala mpamba, zogulitsa ndi ngongole zimene inu muli nazo. Luca Pacioli anazisindikiza choncho ku Venice mu 1494, koma iye sanafikepo ku Golomoti, adziwa chiyani?

Tiyeni tione pepala limodzi pafupi. Mayi wogulitsa mpunga wayamba ndi mpamba wa K500,000. Wagula mpunga wa K640,000, walipira lendi K60,000 ndi thiransipoti K25,000. Wagulitsa wa K607,000, koma K72,000 mwa ndalamazo ili kwa kasitomala amene anatenga pa ngongole. Mu leja ya kashi, kumanzere kwalowa K500,000 ndi K535,000, zonse K1,035,000. Kumanja kwatuluka K725,000. Yotsala ndi K310,000. Tsono K310,000 imeneyi imalembedwa kawiri: koyamba kumanja, pamwamba pa mzere wotsekera, ndi chizindikiro cha c/d, kungoti mbali ziwirizo zifanane, kachiwiri kumanzere, pansi pa mzere, ndi chizindikiro cha b/d. Yopita ku tirayo balansi ndi yapansiyo. Inu tengani yapamwamba, chifukwa ndiyo maso amayamba kuiona, muiike ku kirediti. Mbali ziwiri zisiyana ndi K620,000, ndipo mudzakhala ndi chifukwa chabwino choimbira foni pakati pa usiku.

Pepala limeneli likalembedwa bwino, mbali iliyonse imakwana K1,107,000. La mphwanga wina linafika lili ndi K1,082,000 ku debiti, K1,132,000 ku kirediti, ndi uthenga woti funsolo ndi lolakwika. Kusiyana kwake K50,000. Gawani pawiri, mupeza K25,000, ndipo K25,000 papepalapo ndi imodzi yokha: thiransipoti, itakhala mwaulemu kumbali yosakhala yake. Nambala ikasochera mbali, imachepetsa kwawo n'kuchulukitsa kwa eni, n'chifukwa chake kusiyana kumakhala kowirikiza. Tsiku lina kusiyana kukakhala K45,000, yesani kugawa ndi 9. Ikagawika popanda chotsala, kayikirani manambala otembenuzidwa, monga K72,000 ya kasitomala uja kukopedwa ngati K27,000. Yankho la kugawako, 5,000, likukuuzaninso kuti manambala awiri osinthanawo akusiyana ndi 5, monga 7 ndi 2. Kusiyana kukafanana ndendende ndi nambala ina ya mu leja, ndiye kuti mwaisiya pokopera kapena munailemba mbali imodzi yokha. Kukakhala K1,000 kapena K10,000 yosalala, werengetsaninso mizere, nthawi zambiri ndi kuphatikiza.

Koma zonsezi ndi za anthu opanda amalume. Choncho lamulo lachinayi: zikakana kufanana, zikakamizeni. Fufutani nambala yakumunsi ya mbali imodzi, lembani yofanana ndi inzake, jambulani mizere iwiri pansi pake ndi rula kuti ioneke yaulemu. Amene anapita patsogolo pang'ono amatsegula akawunti ya sasipensi n'kutayamo kusiyana konse, kenako n'kuiwala. Akawuntiyi ndi malo osungirako kusiyana kwa kanthawi pamene mukufufuza, ndipo iyenera kutsekedwa cholakwa chikapezeka. Kwa inu ikhale ngati dzala la kuseri kwa nyumba.

Apa ndiye ndilankhule mosaseka, chifukwa zimandinyansa. Pepala lokana kubalansa silindiopsa, limadzinenera lokha kuti lili ndi vuto. Loopsa ndi lija limabwera ndi mawu oti, "Amalume, yabalansa, ingoikani chongi." Mayi uja akagula sikelo ya K40,000 inu n'kuilemba ngati mpunga wogula, mbali ziwiri zifanana bwinobwino, koma phindu lake mwalichepetsa ndipo sikeloyo m'mabuku mulibe. Kasitomala akabweza ngongole inu n'kuchotsera mnzake wa dzina lofanana, zifanana. Lisiti ikagwera pansi pa thumba osalembedwa konse, zifanana. Mukalemba K52,000 mbali zonse ziwiri pamene lisiti ikuti K25,000, zifananabe. Kwa mwana wa sukulu amenewo ndi malikisi otayika. Kwa msungichuma wa gulu ndi msonkhano wa pansi pa mtengo wa mango, mayi wina akulumbira kuti analipira, buku likumutsutsa. Tirayo balansi imangotsimikiza kuti zimene zinalembedwa kumanzere zikufanana ndi za kumanja. Zoti zinalembedwa m'malo oyenera siidziwa, ndipo ine sindingazione pa chithunzi cha tsamba limodzi lopanda leja, lopanda malisiti.

Malamulo otsala ndi odziwika kale. Tumizani masamba asanu osalemba loyamba ndi liti, limodzi likhale chadodolido. Makoma ndi madontho muzisinthanitsa momwe mungafunire. Wochonga akakulozerani cholakwa, funsani ngati sangangolemba yankho lonse, popeza mayeso ali pafupi. Zikomo musanene, angazolowere.

Wofuna kuti ndimuchongere sabata ino atumize funso, masamba onse a leja ndi tirayo balansi, zojambulidwa masana, pepala lili pathebulo, madanga onse awiri akuoneka. Alembenso pansi pake kusiyana kwa mbali ziwirizo, theka lake, ndi zimene wapeza atagawa ndi 9. Zithunzi za usiku ndizifufuta osatsegula.